Mamembala akutsekeredwa kunja kwa apu: kodi lamulo la katatu lichoke?

*"Ndimayang'anira apu ya kopaletivu yathu ya alimi kuno ku Chipata. Tili ndi mamembala pafupifupi 1,800, ena ali ku Chadiza, Vubwi ndi Katete. Amalowa ndi nambala ya foni komanso pini ya manambala 4 kuti aone ndalama za soya ndi mtedza zimene anagulitsa, n'kuzitumiza ku foni zawo. Munthu akaphonya pini katatu akaunti imatsekeka mpaka ine nditsegule. Nyengo ya msika foni yanga sipuma. Ndimafunsa dzina ndi nambala ya reji, ndiye ndimaika 0000 n'kuwauza kuti akasinthe. Atcheya akuti lamuloli tingolichotsa, koma mwezi watha mayi wina anapeza kuti nambala yolandirira ndalama yasinthidwa iye osadziwa. Ndichite bwanji?"*
Woyang'anira apu, Chipata

Bambo, mtima ukhale m'malo, zimenezi n'zotheka kukonza popanda kulemba apu yatsopano, ndipo zambiri wolemba mapulogalamu wanu akhoza kuzimaliza msika wina usanafike. Atcheya sakulakwa kudandaula, chifukwa lamulo limene muli nalo likuzunza anthu osalakwa. Koma kulichotsa osaikapo china m'malo mwake kungakhale kupereka ndalama za alimi kwa aliyense wodziwa kulemba kapulogalamu kakang'ono. Komanso ndinene msanga kuti nkhani ya mayi uja ndikukayikira kwambiri ngati inadzera pa kulota pini. Pa zaka zimene ndagwira ntchito imeneyi, akaunti zotere nthawi zambiri zimabedwa kudzera mwa munthu wabwino mtima amene amayankha foni n'kutsegula. Mwakhoma loko wamkulu pachitseko, koma zenera lakuseri lili pululu, ndipo zeneralo ndi foni yanu. Ndibwererako, koma tiyambe ndi masamu a pini.

Manambala 4 amapereka mapini 10,000, kuyambira 0000 mpaka 9999. Seva, kompyuta imene imasunga maakaunti onse ndi kuyankha apu, ikamalola kuyesa kopanda malire, kompyuta yoyesa ka 10 pa sekondi imawamaliza onse m'mphindi zosakwana 17. Choncho malire ayenera kukhalapo ndithu. Funso n'lakuti malirewo akhale otani. Bungwe la ku America loona za miyezo, NIST, m'malangizo ake a SP 800-63B a chaka cha 2017, linati akaunti isaloledwe kuphonya kopitirira ka 100 motsatizana. Anthu ambiri amadabwa akamva nambala imeneyi, poti tinazolowera katatu ka pa makina a ku banki. Koma ku banki wakuba amayenera kukhala ndi khadi m'manja, ndipo katatu kameneko kanapangidwira zimenezo. Nawonso 100 wa NIST anamuikira mapasiwedi a zilembo 8 kapena kuposa, kaya pini ya manambala 6 yosankhidwa ndi makina. Pa pini yanu ya manambala 4, kulola ka 100 ndiye kuti akaunti imodzi mwa 100 zilizonse ikhoza kuthyoledwa mwa kungolota. Ndiye inu malo anu ali pakati, pafupi ndi 15, koma 15 woyenda pang'onopang'ono.

Ndikati pang'onopang'ono ndikutanthauza kuti m'malo motseka, seva izichedwetsa. Munthu akaphonya koyamba mpaka kachinayi, pasachitike chilichonse kupatula kumuuza kuti pini si imeneyo. Akaphonya kachisanu adikire mphindi imodzi. Kachisanu n'chimodzi adikire mphindi 5, kotsatira mphindi 15, ndipo kuyambira ulendo wa 8 azidikira ola lathunthu asanayesenso. Akafika pa ulendo wa 15, pamenepo foni imeneyo isaloledwenso kuyesa, munthuyo adutse njira yobwezeretsera akaunti. Mukawerengetsera, kuti wina afike pa 15 ayenera kukhalira foniyo maola opitirira 7, ndipo mwayi wake wolota pini yosankhidwa bwino ndi umodzi mwa 667. Pomwe mlimi amene chala chinangoterereka, kapena wasokoneza pini ya apu ndi ya Airtel Money kaya ya MoMo, amakumbukira pa ulendo wachinayi kapena wachisanu, n'kulowa osakuimbirani n'komwe. Mafoni ambiri amene mumalandira atha pompo.

Chofunika n'chakuti apu izinena zoona kwa munthuyo, m'Chichewa chomveka: "Mwaphonya kangapo. Dikirani mphindi 5 muyesenso," ndipo wotchi izioneka ikubwerera m'mbuyo. Munthu akaona mawu akuti akaunti yatsekedwa amaganiza kuti ndalama zake zapita, amakwera njinga kubwera ku ofesi. Akaona kuti ndi mphindi 5 amakhala pansi. Kumbali ya seva, yankho loyenera ndi ili, ndipo apu iziwerenga masekondiwo kuchokera pamenepa:

```
HTTP/1.1 429 Too Many Requests
Retry-After: 300
```

Musanasinthe chilichonse, pemphani wolemba mapulogalamu akutulutsireni mbiri ya kuphonya konse kwa mwezi umodzi, muone nthawi imene kuphonyako kunachitika mpaka pa sekondi. Ndikunena izi chifukwa cha netiweki ya kumidzi kwathu kuno. Munthu ali ku Vubwi, waika pini, wadina batani, kagudumu kakungozungulira. Adinanso, adinanso. Netiweki ikabwerera, mapempho atatu onsewo amafika pa seva nthawi imodzi, ndipo ngati pini inali yolakwika ndi nambala imodzi, munthuyo watsekeredwa kunja ataphonya kamodzi kokha. Mukaona kuphonya kutatu mkati mwa masekondi awiri kapena atatu pa akaunti imodzi, dziwani kuti ndi zimenezi. Mankhwala ake n'ngosavuta: batani lizizima likangodinidwa mpaka yankho libwere, pempho lililonse lizikhala ndi nambala yakeyake kuti likabwerezedwa seva ilizindikire, ndipo kudukiza kwa netiweki kusamawerengedwe ngati kuphonya. Palinso mapulogalamu ena amene amawerengera kuphonyako mu foni momwemo. Zimenezo n'zopanda ntchito, chifukwa munthu akafufuta deta ya apu chiwerengero chimabwerera pa 0, ndipo wakuba weniweni sadzera n'komwe mu apu, amalankhula ndi seva mwachindunji. Chiwerengero chikhale pa seva, ndipo chizikwera pini isanayesedwe, osati itayesedwa kale. Apo ayi, wina amatumiza mapempho 200 pa kamphindi kamodzi, onse n'kupeza chiwerengero chikadali pa 0. Ngati mumagwiritsa ntchito Redis, pulogalamu yosungira deta pa seva, lamulo lake la `INCR` limawonjezera ndi kubweza nambala yatsopano pa sitepe imodzi, ndiye palibe mapempho awiri angaone nambala yofanana.

Tsopano pali vuto lina la kutseka akaunti limene anthu saliona mpaka litawagwera. Dzina lolowera mu apu yanu ndi nambala ya foni, ndipo nambala ya foni si chinsinsi. Mmene zilili panopa, aliyense amene wayambana ndi mnzake akhoza kutenga foni yake, kulemba nambala ya mnzakeyo, kuika pini yabodza katatu, basi mnzakeyo watsekeredwa kunja tsiku lolandira ndalama. Wina wokhala ndi kaundula wa mamembala akhoza kutseka onse 1,800 usiku umodzi. Ngakhale kuchedwetsa kumene ndafotokozaku kungagwiritsidwe ntchito moteromo ngati chiwerengero chili chimodzi pa akaunti yonse.

Njira yake ndi kusiyanitsa foni yodziwika ndi foni yachilendo. Membala akalowa bwinobwino koyamba, seva imapatsa foni yake chizindikiro chachitali chachinsinsi chimene apu imasunga. Kuyambira pamenepo foni imeneyo ili ndi chiwerengero chakechake cha kuphonya. Mafoni ena onse amene akauntiyo siikuwadziwa amagawana chiwerengero chimodzi. Wachipongwe uja akaphonya ka 15 pa foni yake, watseka njira ya alendo yokha, mwini wake akulowabe pa foni yake ngati palibe chachitika. Ndipo mwini akalowa, chiwerengero chimene chizifufutika ndi chake chokha. Cha alendo chizidikira sabata yathunthu, chifukwa mukamachifufuta nthawi iliyonse imene mwini walowa, mukupatsa wakuba maulendo 15 atsopano tsiku lililonse. Ine ndimapitiriranso pamenepo: foni yachilendo isaloledwe n'komwe kuyesa pini isanalandire kodi ya pa meseji yotumizidwa ku nambala ya membalayo. Zimadya ndalama pang'ono za mameseji, koma anthu sasintha mafoni tsiku ndi tsiku, ndipo chinthu chimodzi chimenechi chimatseka kuba kumene ndikufotokoze tsopano.

Wakuba wochenjera sayesa mapini ambiri pa akaunti imodzi. Amayesa pini imodzi pa maakaunti onse. M'chaka cha 2012, katswiri wina wa ziwerengero, Nick Berry, anasanthula manambala achinsinsi a madijiti 4 okwana 3.4 miliyoni amene anatayikira pa intaneti, ndipo anapeza kuti pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse anali 1234. Otsatira anali 1111 ndi 0000, ndipo oyamba ndi 19, kutanthauza zaka zobadwa, analinso ochuluka kwambiri. Tiyerekeze kuti mwa mamembala anu mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi 1234. Munthu woyesa 1234 kamodzi kokha pa nambala iliyonse alowa m'maakaunti 180, ndipo lamulo lanu la katatu silidzuka ngakhale kamodzi, poti palibe akaunti imene yaphonyedwa kawiri. Kwa inu nkhani ndi yoopsa kuposa apa, chifukwa aliyense amene munamutsegulirapo munamupatsa 0000, ndipo munthu amene wangolowa kuti aone ndalama zake sakhala ndi nthawi yosintha. Ndikupemphani kuti sabata ino yomwe wolemba mapulogalamu ayese 0000, 1234 ndi 1111 pa maakaunti onse kuchokera mkati mwa seva, ndipo onse opezeka akakamizidwe kusankha pini ina ulendo wotsatira. Kuchokera apo apu izikana mapini obwereza nambala imodzi, otsatizana chokwera kapena chotsika, chaka chobadwa cha mwini wake, ndi manambala 4 omaliza a foni yake.

Wolemba mapulogalamu wanu mwina anena kuti tingotseka adiresi ya IP imene ikuphonya kwambiri, kutanthauza nambala imene foni imaonekera nayo pa intaneti. Pamenepa samalani. Makampani a mafoni amalowetsa makasitomala ambirimbiri pa intaneti kudzera pa adiresi imodzi, ndiye mukatseka adiresi chifukwa yaphonya ka 10, mukhoza kutsekera limodzi anthu a ku Katete amene sadziwana n'komwe. Wakubayo naye amangozimitsa deta n'kuyatsanso, kawirikawiri n'kupatsidwa adiresi ina. Malire a pa IP akhalepo koma akhale okwera, oletsa chigumula chokha, mwina mapempho olowera 60 pa mphindi. Chimene chimasonyeza kuba si kuchuluka kwa kuphonya, koma kuchuluka kwa maakaunti osiyanasiyana amene akuphonyedwa kuchokera pamalo amodzi. Komabe ngakhale apa kumbukirani mmene timakhalira. Pa kalabu ya alimi 25, mafoni otha kutsegula apu mwina ndi atatu, ndipo tsiku la msika onse amalowera pa foni ya mlembi kapena ya mlimi wotsogolera. Kwa seva yosauzidwa, foni imeneyo ikuoneka ngati ya wakuba. Choncho mafoni a alembi muwalembetse padera kuti aziloledwa maakaunti ambiri a kalabu yawo yokha, pomwe foni wamba ikaphonya pa maakaunti 5 osiyana mkati mwa mphindi 10 iimitsidwe kwa ola limodzi, inu n'kulandira uthenga.

Tibwerere ku foni yanu ija, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Dzina la munthu ndi nambala ya reji yake si umboni woti ndi iyeyo. Nambala za NRC zili m'makaundula a fetereza, pa mafomu a kopaletivu, m'mabuku a ogula mbewu, pa mafotokope amene atsala m'mashopu. Dzina la mayi ake, mudzi wake, mfumu yake, zonsezi mlamu wake amazidziwa kuposa inu. N'chifukwa chake malangizo a NIST aja amaletsa mafunso otere ngati njira yotsimikizira munthu. Ndipo kumudzi wakuba akaunti kawirikawiri sachokera kutali, amakhala munthu wodziwa kuti soya wagulitsidwa liti ndipo ndi matumba angati. Akakuimbirani mwaulemu, akulira kuti mwana ali kuchipatala, inu mutsegula, chifukwa ndinu munthu. Njira yabwino yobwezeretsera akaunti ndi imene imakuchotserani mphamvu yotsegula panokha, kuti ngakhale mutamva chisoni musathe.

Ndimagawa oiwala pini m'magulu awiri, ndipo njira zawo n'zosiyana kwambiri. Oyamba ndi amene akadali ndi simukhadi yawo. Amenewa, omwe ndi ochuluka, asakuimbireni n'komwe. Adine "Ndaiwala pini", seva itumize kodi ya manambala 6 ku nambala imene ili kale m'kaundula, osati imene munthuyo angalembe pamenepo. Kodiyo igwire ntchito kwa mphindi 10, kamodzi kokha, ndipo ikaphonyedwa ka 5 ife. Mphindi 10 osati ziwiri, chifukwa meseji kumidzi imachedwa, nthawi zina munthu amayenera kukwera pachulu kuti ifike. Akadina "Tumizaninso" nthawiyo isanathe, mutumizireni kodi yomweyo osafufuta chiwerengero cha kuphonya. Mukamapanga yatsopano nthawi iliyonse, meseji yoyamba imafika mochedwa, iye n'kulemba kodi yakufa kale, n'kuphonya popanda chifukwa. Kutumiza kusapitirire katatu pa ola ndi ka 5 pa tsiku pa nambala imodzi. Malire amenewa amateteza zinthu ziwiri: wolota kodi amangokhala ndi mwayi umodzi mwa 200,000 pa kodi iliyonse ndipo sangapemphe makodi ambirimbiri, komanso thumba la kopaletivu, poti pali akuba amene amachititsa mapulogalamu kutumiza mameseji zikwizikwi ku manambala akunja kuti adyepo gawo. Lolani manambala oyamba ndi +260 okha, kuwonjezerapo +265 ngati muli ndi mamembala a kufupi ndi Mwami ogwiritsa ntchito manambala a ku Malawi. Ndiponso yankho la pa sikirini likhale limodzimodzi kaya nambalayo ili m'kaundula kaya mulibe: "Ngati nambalayi ndi ya membala, kodi yatumizidwa." Mukamati "nambalayi sitikuidziwa", mukuthandiza wakuba kusefa kaundula.

Koma kodi ya pa meseji imangotsimikizira kuti munthu wagwira simukhadi, sitsimikizira kuti ndi mwini akaunti. Foni imasiyidwa pa tchaji ku shopu ya sola, imabwerekedwa ndi mdzukulu, imagona patebulo. Wina akhoza kunamiza wogulitsa masimukhadi kuti apatsidwe nambala ya mnzake. Ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa kasitomala wina, zimene zimachitika kwambiri kwa alimi amene amaika ndalama mu foni nyengo ya msika yokha. Chifukwa cha zimenezi, pini ikangosinthidwa kudzera pa kodi, munthuyo aloledwe kuona ndalama zake nthawi yomweyo, koma kutumiza ndalama kudikire maola 24. Mafoni ena onse amene anali olowa mu akauntiyo atulutsidwe, ndipo uthenga wakuti pini yasinthidwa upite kwa mwini wake komanso kwa mlembi wa kalabu yake. Maola 24 amenewa ndi amene atcheya angakangane nanu, ndikudziwa. Auzeni kuti kudikirako kukukhudza okhawo amene aiwaliratu pini, amene akhale ochepa lamulo la katatu likachoka, ndipo ndi nthawi yokhayo imene mwini weniweni ali nayo yokuwa ndalama zisanatuluke.

Gulu lachiwiri ndi la amene ataya nambala, ndipo pamodzi nawo ndikuikapo aliyense wofuna kusintha nambala yolandirira ndalama. Kusintha nambala imeneyo n'kofanana ndi kupereka akaunti yonse, choncho kusachitike pa foni kapena pa WhatsApp, ngakhale woimbayo mawu ake mukuwadziwa. Munthuyo aonekere pamaso pa mlembi wa kalabu yake ndi reji yeniyeni, osati fotokope. Mlembiyo, amene amamudziwa nkhope, ayambitse pempho mu apu pa foni yake yolembetsedwa ija. Inu ku Chipata muvomereze. Pasakhale mmodzi wa inu awiri amene angathe kumaliza yekha. Kenako uthenga upite ku nambala yakale ndi yatsopano yomwe, ndipo kusinthako kuyambe kugwira ntchito pakatha maola 48. Pini yatsopano aisankhe mwini wake ndi chala chake. Inu musaidziwe, mlembi asaidziwe, ndipo pa sikirini yanu pasakhale n'komwe malo olembapo pini ya munthu wina. Batani limene mumaikira 0000 lichotsedwe, m'malo mwake pakhale longotumiza kodi.

Tiyeni tiyendetse nkhani imodzi kuti muone kusiyana kwake. Agogo ena a ku Chadiza analowa mu apu komaliza mu Ogasiti chaka chatha. Lero ndi Juni, agulitsa mtedza, ali pa foni ya mlembi. Aika pini ya foni yawo ya ndalama, yakana. Abwereza poganiza kuti chala chalakwa, yakana. Ayesa chaka chobadwa cha mwana wawo, yakana. Mmene zilili lero, apa akaunti yatsekeka, mlembi akukuimbirani, inu muli pa sikelo, agogo adikira mpaka madzulo kenako apatsidwa 0000 pamaso pa anthu onse amene ali pamzere. M'njira yatsopano, ayesa kachinayi, kachisanu, apu ikuti dikirani mphindi imodzi. Mlembi awafunsa ngati kafoni kawo ka mabatani ali nako. Ali nako, kali komangidwa pansonga ya chitenje. Adina "Ndaiwala pini", kodi ifika, asankha pini yatsopano mlembi atayang'ana kumbali, apu ikana 1111, asankha ina. Aona ndalama zawo zilipo zonse, mtima ukhala pansi, mawa lake atumiza. Inu simunaimbiridwe. Ndiye tiyerekeze kuti amene wachita zonsezi si agogo koma mdzukulu amene watenga kafoni kaja usiku. Foni yake ndi yachilendo, koma kodi ali nayo poti simukhadi ili m'manja mwake, ndiye pini asintha ndithu. Koma ndalama sizituluka mpaka mawa usiku, nambala yolandirira sangaisinthe popanda mlembi, ndipo m'mawa mlembi apeza uthenga wakuti pini ya agogo yasinthidwa 11 koloko usiku pa foni yosadziwika. Apita kukafunsa, ndipo adina batani loimitsa akauntiyo. Batani loimitsa limeneli likhale losavuta kwa mlembi ndi kwa mwini wake yemwe, chifukwa kuimitsa molakwika kumangochedwetsa munthu, pomwe kutsegula molakwika kumamuluzitsa ndalama.

Zonsezi zilembedwe m'mbiri imene inu simungathe kufufuta: ndani anapempha, ndani anavomereza, nthawi yanji, pa foni iti. Musaone ngati akukukayikirani. Tsiku limene ndalama za membala zidzasowe, anthu adzayamba kuloza amene ali ndi makiyi, ndipo mbiri imeneyo ndi imene idzakuyankhireni. Pini yokha, yolondola kaya yolakwika, isalembedwe m'mbirimo.

Akaunti yanu ya uyang'aniri isatsatire malamulo ofewa a mamembala. Ikhale ndi pasiwedi yaitali imene simuigwiritsa ntchito kwina kulikonse, kuphatikiza kodi yochokera mu apu ngati Google Authenticator, imene imasintha masekondi 30 aliwonse ndipo siidalira simukhadi kapena netiweki. Makodi osungira a tsiku limene foni yanu idzatayike muwasindikize papepala, muwaike mu envulopu yomata m'bokosi lokhoma la kopaletivu. Pakhalenso woyang'anira wachiwiri wokhala ndi akaunti yakeyake, osati kubwerekana yanu, ndipo mlembi akasiya udindo foni yake ichotsedwe m'kaundula tsiku lomwelo.

Za mayi uja musazisiye kuti zinapita. Fufuzani m'mbiri ya seva tsiku limene nambala inasinthidwa, muone ngati pini yake inali itangobwezeretsedwa kumene, ndi foni iti imene inalowa, ndiponso ngati foni yomweyo kapena nambala yatsopanoyo ikupezeka pa maakaunti ena. Mukapeza kuti ndi maakaunti angapo, kapena mukaona kuphonya kamodzikamodzi pa manambala ambiri motsatira ndondomeko ya kaundula, kapena mapempho a makodi akuchuluka pakati pa usiku, pamenepo nkhani yapitirira inu ndi wolemba mapulogalamu wanu. Imitsani kaye kutumiza ndalama, sungani mbiri yonse osasintha kanthu, itanani katswiri wa chitetezo cha makompyuta amene sanalembe nawo apuyo, ndipo kanenani ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act la 2021, limafuna kuti bungwe losunga deta lidziwitse Komishonala woona za deta mkati mwa maola 24 chitetezo chikathyoledwa, ndiye komiti iyenera kudziwiratu amene adzalembe kalatayo. Ngati ndalama za mayiyo zinatumizidwa kale, kampani ya foni imene inalandira iuzidwe msanga ndi nambala ya tiranzakishoni, chifukwa ndalama zikatapidwa kwa ejenti kuzibweza kumavuta.

Ngati thumba silikulola kuchita zonse nthawi imodzi, yambani ndi zimene sizifuna ndalama. Kuyambira mawa lekani kuika 0000 ndipo lekani kusintha nambala yolandirira ndalama kudzera pa foni, ngakhale zitatanthauza kuti kwa masabata angapo alembi azibweretsa mapempho papepala losainidwa. Kenako wolemba mapulogalamu akonze batani lodinidwa kawiri lija ndi kuika kuchedwetsa m'malo mwa kutseka, zomwe ndi ntchito ya masiku ochepa. Kusiyanitsa mafoni odziwika ndi achilendo komanso kuvomereza kwa anthu awiri n'kumene kumatenga nthawi, ndipo muyese kaye pa kalabu imodzi ya kufupi ndi tauni, mwezi umodzi, mukuwerenga mafoni amene mukulandira ndi kuchuluka kwa ofika pa ulendo wa 8. Akachuluka, onani kaye ngati si netiweki kapena mawu a pa sikirini amene akusokoneza anthu musanakhudze manambala aja.